Masamba Atatu Olandirira Mlendo mu Apu Yanu

 Nkhani yanga ndi ya kanthawi kochepa kwambiri pa moyo wa apu, kanthawi kamene munthu wangoiika m'foni mwake ndipo akuitsegula koyamba. Pa kanthawi kameneka munthuyo ndi mlendo pakhomo panu, ndipo mmene mwamulandirira ndi mmene asankhire kukhala kapena kubwerera.

Kwathu kuno mlendo akati odi, sitimugwira dzanja n'kuyamba kumuzungulitsa pakhomo ponse kuti aone nkhokwe, khola la mbuzi, bafa ndi dimba. Timamupatsa mpando, timamulonjera, kenako timamva chimene wadzera. Bafa amalidziwa madzi akatentha, ndipo nkhokwe mwina sadzaiona n'komwe. Mfundo yanga lero ndi yomweyo. Masamba oyamba a apu ntchito yake ndi kumufikitsa munthu pa chimene wadzera, mwachangu ndiponso mosamusokoneza. Zina zonse zimene apu ingathe kuchita zidikire nthawi yake.

Chifukwa chake anthu sawerenga

Ambiri mwa ife tazolowera kamangidwe kamodzi. Munthu akatsegula apu, amapeza masamba asanu kapena asanu ndi awiri, lililonse lili ndi chithunzi chokongola, mutu waukulu ndi timadontho m'munsi tosonyeza kuti atsetsereze chala kuti aone lotsatira. Timapanga chonchi chifukwa tinakhetsa thukuta pa mbali iliyonse ya apu, ndipo tikufuna kuti yonse ioneke. Koma paja akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tikafuna kuonetsa zonse, munthu amatuluka osagwira chilichonse.

Vutoli linadziwika kalekale mafoni amakono asanabwere. Mu 1987, John Carroll ndi Mary Beth Rosson, amene ankafufuza mmene anthu amaphunzirira kugwiritsa ntchito makompyuta ku IBM, analemba za khalidwe lina lodabwitsa. Anthu sankafuna kuwerenga malangizo ngakhale pamene kuwerengako kukanawapulumutsira nthawi. Ankangoyamba kugwira ntchito imene abwerera, n'kumaphunzira akamalakwitsa. Sikuti anthuwo anali aulesi ayi. Munthu amene ali ndi ntchito m'mutu amaona malangizo ngati chipika chimene chagwera pamsewu.

Mu 2020 a Nielsen Norman Group anayesa zomwezi pa mafoni. Anatenga anthu 70 ndi maapu anayi amene anali ndi masamba ophunzitsa poyambira. Ena anawauza kuti awerenge masambawo, ena anawauza kuti awadumphe, kenako onse anapatsidwa ntchito zofanana. Amene anawerenga sanapose anzawo pa kukwanitsa ntchito kapena pa liwiro, ndipo iwowo ndiwo anaona ngati ntchitozo zinali zovutirapo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mukamuuza munthu za batani limene sanalionepo, pa tsamba limene sanafikepo, alibe poimika mawu anuwo m'mutu mwake. Pofika pa batanilo amakhala ataiwala, koma chimene chatsala mumtima mwake n'chakuti apu imeneyi ndi yofuna sukulu.

Nanga masamba atatu achokera kuti? Si lamulo la boma kapena la sitolo ya maapu. Malangizo akale a Material Design ochokera ku Google ankati ngati mwasankha kuonetsa ubwino wa apu poyambira, musapitirire mfundo zitatu, ndipo malangizo a Apple amalimbikitsa kuti kulandira munthu kukhale kwachidule komanso kotheka kudumpha. Ine ndimaona atatu ngati malire amene mumadziikira nokha kuti akukakamizeni kusankha. Ndiponso mlendo aliyense amafika ndi mafunso atatu. Loyamba, ichi n'chiyani ndipo chindithandiza chiyani? Lachiwiri, mukufuna chiyani kwa ine? Lachitatu, ndiyambire pati? Tsamba limene silikuyankha limodzi mwa mafunso amenewa lilibe malo.

Taonani WhatsApp imene ili m'matumba mwanu. Mukaiika koyamba mumapeza tsamba lokulandirani lokhala ndi batani la “Agree and continue”, kenako mumalemba nambala ya foni, kenako manambala asanu ndi imodzi otsimikizira, kenako dzina lanu. Palibe tsamba lokuphunzitsani kutumiza uthenga wa mawu kapena kupanga gulu. Zimene amakufunsanizo n'zimene apu singagwire ntchito popanda izo. Duolingo nayo, ngakhale kuti mafunso ake oyambirira amapitirira atatu, ili ndi phunziro limodzi labwino kwa ife: imakulolani kuchita phunziro loyamba la chilankhulo musanatsegule akaunti. Munthu amalawa kaye, kenako n'kupemphedwa kulembetsa.

Tiyeni timange limodzi

Kuti tisangolankhula m'malere, tiyeni titenge apu imodzi n'kuimangira masamba ake. Tinene kuti tikupanga apu yothandiza mlembi wa banki mkhonde kusunga kaundula wa gulu. Mukudziwa mmene magulu amenewa amayendera: mamembala amakumana kawirikawiri sabata iliyonse, aliyense amagula masheya kuyambira imodzi mpaka asanu, amabwerekana ndalama n'kubweza ndi chiwongola dzanja, ndipo pakutha pa chaka amagawana. Mlembi amalemba zonsezi m'kope, ndipo mutu umamuwawa kwambiri pa kuwonkhetsa.

Musanajambule tsamba lililonse, yambani ndi funso limodzi: kodi ndi chinthu chiti chimene mlembi akachichita n'kuona zotsatira zake, adzanena mumtima kuti ichi chindithandiza? Lembani yankho lake m'chiganizo chimodzi. Kwa ife ndi ili: mlembi walemba masheya a membala mmodzi, ndipo foni yamuonetsa yokha ndalama zake. Apa ndiye pamene tikupita. Masamba athu ndi njira yofikira pamenepa, ndipo chilichonse chimene sichifupikitsa njirayo tichichotse.

Tsopano lembani pa pepala zonse zimene gulu lanu la opanga likufuna kuti zioneke poyamba. Mndandanda udzatalika: masheya, ngongole, chiwongola dzanja, thumba la zadzidzidzi, chindapusa cha ochedwa, kugawana kwa pachaka, mauthenga okumbutsa, kusunga kaundula pa intaneti, nambala yachinsinsi, kusankha chilankhulo. Pa chilichonse funsani kuti: mlembi akapanda kudziwa ichi, kodi alephera kulemba masheya a membala woyamba? Mudzapeza kuti zotsala ndi ziwiri zokha, chilankhulo ndi mtengo wa sheya imodzi. Zina zonsezo sitizitaya, ndipo ndidzanena kumene zikupita.

Tsamba loyamba: ichi n'chiyani?

Tsamba loyamba likhale ndi lonjezo limodzi, m'mawu a mlembi, osati m'mawu a ife opanga. Tikalemba kuti “Njira yamakono yoyendetsera chuma cha magulu”, sitinanene kanthu, chifukwa mawu amenewo angakhale pa chikwangwani cha aliyense. Tilembe kuti: “Lembani masheya ndi ngongole za gulu lanu. Foni iwonkhetsa yokha.” Mawu amenewa atchula zinthu zimene mlembi amazigwira m'manja, ndipo atchula mtolo umene timutula.

Pansi pake tiike chithunzi cha mzere weniweni wa kaundula mmene udzaonekere mu apu: dzina, masheya atatu, ndalama zake. Musaike chithunzi cha anthu akumwetulira atanyamula foni. Chithunzi chotere chimadya malo komanso chimalemetsa apu, pamene mzere wa kaundula umalankhula ngakhale kwa munthu amene amawerenga movutikira, chifukwa amauzindikira kuchokera m'kope lake.

Pali malo a chiganizo china chimodzi, ndipo chipatsidwe kwa nkhawa yaikulu ya mlembi. Mukacheza ndi alembi mudzamva okha nkhawa yawo. Kwa ambiri ndi bandulo ndi netiweki, popeza msonkhano umachitikira pansi pa mtengo kumene mafunde amavuta. Choncho tilembe kuti: “Imagwira ntchito ngakhale popanda netiweki.” Koma mulembe zimenezi pokhapokha ngati zili zoona, kuyambira pa tsamba loyambalo. Ngati zithunzi za masamba olandirira zimachita kukokedwa pa intaneti, munthu wopanda bandulo adzaona mabokosi opanda kanthu pansi pa lonjezo lanu, ndipo sadzakukhulupiriraninso. Zonse za masamba amenewa zikhale m'kati mwa apu.

Chilankhulo chisadye tsamba lakelake. Ikani timabatani tiwiri pamwamba, kamodzi kolembedwa “Chichewa”, kena “English”, dzina lililonse m'chilankhulo chake. Musadalire chilankhulo chimene foni inaikidwa, chifukwa mafoni ambiri kuno ali m'Chingerezi ngakhale eni ake amakonda kuwerenga Chichewa.

M'munsi mukhale batani limodzi lalikulu lolembedwa “Yambani”, ndipo pansi pake mawu aang'ono akuti “Ndili kale ndi gulu”. Mawu achiwiriwa amaiwalika kawirikawiri. Ndi a mlembi amene wagula foni yatsopano kapena foni yake inabedwa, ndipo akufuna kaundula wake wakale. Iyeyu si mlendo, ndipo kumukakamiza kuyambiranso ngati mlendo kumabala magulu awiri a dzina limodzi mu apu.

Tsamba lachiwiri: mukufuna chiyani kwa ine?

Pa tsamba lachiwiri tikufunsa zinthu ziwiri: dzina la gulu ndi mtengo wa sheya imodzi. Mtengo wa sheya ndi wofunika chifukwa popanda iwo foni singawonkhetse. Dzina la gulu kunena zoona apu ingagwire ntchito popanda ilo, koma limachititsa kuti mlembi aone kaundulayo ngati wake, ndipo kulemba kwake n'kosavuta. Akalisiya, apu iike yokha mawu akuti “Gulu langa” n'kupitirira.

Apa pamabuka mkangano m'gulu la opanga. Wina amati tifunsenso chiwongola dzanja, popeza gulu lililonse lili ndi chake. N'zoona kuti tidzachifuna, koma liti? Tidzachifuna tsiku limene mlembi akulemba ngongole yoyamba. Pa tsiku limenelo funsoli lidzamveka, ndipo mamembala adzakhala ali pomwepo kuti amukumbutse zimene anagwirizana. Tikafunsa lero, mlembi amene sakukumbukira bwino adzaima, n'kunena kuti ndikafunse kaye tcheyamani, n'kutseka apu. Wina amati tifunse nambala ya foni, boma, mudzi ndi tsiku lobadwa kuti tidziwe anthu athu. Zimenezi n'zofuna zathu, osati za mlembi. Funso lililonse limene mwawonjezera ndi khomo lina lotulukira, ndipo pa nkhani ya ndalama anthu amakayikira msanga mlendo wofunsa zambiri.

Tinthu ting'onoting'ono pa tsambali n'tofunika. Pa bokosi la mtengo patuluke mabatani a manambala okha, osati zilembo. Chizindikiro cha K chikhale chitaikidwa kale. Pansi pa bokosilo mulembe chifukwa chofunsira: “Tigwiritsa ntchito mtengowu powonkhetsa masheya.” Ndipo muwonjezere mawu ochotsa mantha akuti “Mukhoza kusintha nthawi ina.” Munthu akadziwa kuti cholakwa chingakonzedwe, amafulumira kuyankha.

Tsamba lachitatu: ndiyambire pati?

Tsamba lachitatu si lofotokoza. Ndi ntchito yeniyeni. Mutu wake ndi wakuti “Lembani membala woyamba”. Pali bokosi la dzina, ndipo pansi pake mabatani asanu olembedwa 1, 2, 3, 4, 5. Tinene kuti mlembi analemba K1,000 pa tsamba lapita. Tsopano walemba dzina, wadina 3, ndipo nthawi yomweyo pansi patuluka K3,000. Akasintha n'kudina 5, nambala isinthe n'kukhala K5,000 iye akuona. Sitinamuuze kuti apu imawonkhetsa yokha, waona ndi maso ake. Akadina “Sungani”, afike pa tsamba lalikulu la apu, ndipo mzere umene walembawo ukhale pomwepo pamwamba, pansi pake pali batani la “Wonjezerani membala”.

Pali msampha umodzi pano. Ena adzalemba dzina longoyeserera kuti aone mmene zikuyendera, ndipo mzere wabodzawo ukatsala udzasokoneza masamu a gulu pa tsiku logawana. Choncho pa mzere woyambawo paoneke poyera mawu akuti “Fufutani”, ndipo kufufutako kusavute. Mukaphunzitsa ndi ntchito yeniyeni, muyenera kupereka njira yobwerera m'mbuyo.

Pa tsamba lachiwiri ndi lachitatu pakhale mawu akuti “Dumphani” pamalo amodzimodzi, ooneka bwino. Koma ganizirani kumene wodumphayo akugwera. Asafike pa tsamba loyera lopanda kanthu. Afike pa tsamba lonena kuti “Simunalembe membala aliyense”, lokhala ndi batani loyambira. Ngati anadumpha mtengo wa sheya, apu imufunse pamene akulemba masheya oyamba. Apu imene imasokonekera munthu akadumpha masamba olandirira ili ndi vuto m'kati mwake, ndipo masambawo anali kungophimba chilonda.

Kumene zotsala zija zikupita

Ndinalonjeza kunena za mndandanda uja. Chilichonse chimene tinachotsa chikadikire pamalo pamene chidzafunike. Mlembi akatsegula tsamba la ngongole koyamba, lilibe kanthu, ndipo malo opanda kanthuwo ndi kalasi yabwino kuposa tsamba lililonse la poyambira. Pamenepo mulembe ziganizo ziwiri za mmene ngongole imalembedwera, ndipo mufunse chiwongola dzanja. Za kugawana zidzaoneke chaka chikamatha.

Zilolezo ndiye zofunika kusamala nazo kwambiri, chifukwa mwayi wopempha ndi wowerengeka. Kuyambira pa Android 6.0 ya mu 2015, apu imapempha zilolezo monga za kamera kapena za manambala a m'foni pamene ikugwira ntchito, osati poiika. Kuyambira pa Android 11, munthu akakana chilolezo kawiri, foni imasiya kumuonetsa kabokosi kopempherako, ndipo amayenera kukachitsegula yekha ku zosintha za foni, kumene ambiri safikako. Kuyambira pa Android 13 ya mu 2022, ngakhale kutumiza mauthenga okumbutsa kumafuna chilolezo chotchedwa `POST_NOTIFICATIONS`. Pa iPhone, kabokosi ka chilolezo cha mauthenga kamatuluka kamodzi kokha. Tsono mukapempha pa tsamba loyamba, munthu asanadziwe kuti mauthengawo ndi a chiyani, adzakana, ndipo mwawononga mwayi. Dikirani alembe ngongole yoyamba, kenako mufunse m'mawu anu kuti: “Tikukumbutseni tsiku lobweza likayandikira?” Akavomera, pamenepo itanani kabokosi ka foni. Akakana, simunataye kanthu, mudzafunsanso tsiku lina.

Akaunti nayo idikire. Msonkhano woyamba ukatha, mlembi ali ndi mizere makumi awiri m'foni, ndipo tsopano ali ndi chinthu choopa kutaya. Apa mawu akuti “Lembani nambala yanu kuti kaundula asatayike foni ikasowa” amamveka, chifukwa akunena za phindu lake. Dziwani kuti kuchedwetsa kotereku kuli ndi mtengo wake: foni ikasowa asanalembetse, zonse zapita. N'chifukwa chake pempholi lisachedwe kupitirira msonkhano woyamba, ndipo libwerezedwe mwaulemu pakutha pa misonkhano yotsatira mpaka atalembetsa.

Za m'kati mwa pulogalamu

Kuti masambawa aoneke kamodzi kokha, apu imasunga chizindikiro. Pa Android njira yosavuta ndi iyi:

```kotlin
val prefs = getSharedPreferences("first_run", MODE_PRIVATE)
if (!prefs.getBoolean("done", false)) showOnboarding()
```

Ndipo munthu akamaliza kapena akadumpha:

```kotlin
prefs.edit().putBoolean("done", true).apply()
```

Cholakwika chofala ndi kulemba chizindikirochi pamene tsamba loyamba langotseguka. Wina akamuimbira foni mlembi ali pa tsamba lachiwiri, kapena batire likatha, pobwerera amagwera m'kati mwa apu alibe gulu. Cholakwika china ndi kusasunga zimene walemba kale. Mafoni a mphamvu zochepa amatseka maapu amene ali kumbuyo kuti apeze malo, choncho sungani dzina la gulu ndi mtengo wa sheya pamene wangodina kupitirira, kuti akabwerera apitirize pamene anasiyira.

Poyesa, kumbukirani kuti Android ikhoza kusunga zinthu za apu pa akaunti ya Google n'kuzibwezeretsa mukaiikanso. Mudzachotsa apu, n'kuiikanso, n'kudabwa kuti masamba olandirira sakuoneka. Kuti muyambire poyera lembani:

```
adb shell pm clear com.example.app
```

Kumbukiraninso kuti chizindikirochi chimadziwa foni, sichidziwa munthu. Gulu likasankha mlembi wina n'kumupatsa foni yomweyo, iye sadzaona masamba aja. Choncho pa “Thandizo” pakhale njira yoonera mwachidule mmene membala ndi masheya amalembedwera.

Ponena za maonekedwe, manambala awiri ndi oyenera kuwasunga pamtima. Batani lisachepere 48dp mbali zonse pa Android, kapena 44pt pa iPhone, chifukwa chala cha munthu wolima si nsonga ya cholembera. Ndipo kusiyana kwa mtundu wa zilembo ndi mtundu wa kumbuyo kwake kusachepere 4.5:1 monga amanenera malangizo a WCAG, makamaka poti tsambali lidzawerengedwa panja dzuwa likuswa mtengo. Mawu athu a Chichewa ndi ataliatali: pamene Chingerezi chili ndi “Next”, ife tili ndi “Pitirizani”. Yesani pa foni yaing'ono, mutakulitsa zilembo mpaka pamapeto, muone ngati batani lalikulu likuonekabe osachita kulifunafuna pansi. Musadalirenso kutsetsereza chala kokha. Timadontho ta m'munsi si aliyense amene amadziwa tanthauzo lake, koma batani lolembedwa aliyense amalidziwa.

Mudziwa bwanji kuti zatheka

Inu amene munapanga apu simungathe kuiona ngati mlendo, chifukwa mukudziwa kale zonse. Paja mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Jakob Nielsen analemba mu 2000 kuti kuyesa ndi anthu asanu kumavumbula mavuto ambiri a kagwiritsidwe ntchito, ndipo n'kwabwino kuyesa kangapo ndi anthu ochepa kusiyana n'kuyesa kamodzi ndi anthu ochuluka. Pezani alembi asanu enieni, osati anzanu a mu ofesi. Mupatseni aliyense foni yokhala ndi apu yosatsegulidwa, n'kunena kuti: “Mayi, tiyerekeze kuti lero ndi tsiku la gulu, ndipo membala wagula masheya atatu. Talembani.” Kenako khalani chete. Kukhala chete kumeneku ndiye kovuta, chifukwa mtima umafuna kuthandiza, koma inu simudzakhalapo pansi pa mtengo paja.

Yang'anani chala ndi nkhope. Ngati pa tsamba loyamba wadina “Yambani” msanga, koma mukamufunsa kuti apu imachita chiyani akulephera kunena, lonjezo lanu silinamveke. Ngati waima nthawi yaitali pa bokosi lina n'kukuyang'anani, funsolo lafika nthawi yake isanakwane kapena mawu ake ndi achilendo. Ngati akudina chithunzi cha kaundula poganiza kuti ndi polemba, chithunzicho chafanana kwambiri ndi tsamba lenileni, ndipo muchichepetse kapena muchiike m'kafelemu. Ngati wamaliza tsamba lachitatu n'kufunsa kuti “Ndiye zasungika?”, tsamba lalikulu silikumuonetsa bwino mzere wake. Anthu athu ndi aulemu, ndipo mukawafunsa ngati apu ili bwino adzati ili bwino. Khulupirirani zimene chala chachita kuposa zimene pakamwa panena.

Apu ikatuluka, werengani anthu amene afika pa tsamba lililonse. Tingoyerekeza: anthu 100 atsegula, 90 afika pa tsamba lachiwiri, koma 50 okha afika pa lachitatu. Apa simukufunika kulosera, vuto lili pa tsamba lachiwiri. Koma musanyengedwe ndi nambala ya omaliza masamba, chifukwa mukhoza kuikweza pongochotsa batani lodumphira, anthu n'kumadina mokakamizika. Nambala yoona ndi ya amene alemba masheya enieni, komanso amene abweranso pa msonkhano wotsatira. Popeza gulu limakumana pa sabata, musadandaule kuti sanatsegule mawa lake. Yang'anani pakatha masiku asanu ndi awiri.

Malire a langizoli

Pali maapu amene sangathe ndi masamba atatu. Apu yosuntha ndalama zenizeni imayenera kutsimikizira kuti munthu ndi ndani, ndipo mwina ifuna chiphaso cha unzika ndi chithunzi. Kumeneko ndi kulembetsa, osati kufotokoza, ndipo muzisiyanitse ziwirizi. Kufotokoza kukhalebe kwachidule, ndipo musanayambe kulembetsa muuzeni munthu zimene akonzekere ndi masitepe amene atsala, kuti asafike pakati n'kupeza kuti chiphaso chili kunyumba. Palinso maapu amene safuna ngakhale tsamba limodzi. Apu yowerengera masamu kapena younikira ingotseguka n'kuyamba ntchito. Atatu ndi denga, si chiwerengero choti mukwanitse.

Ndipo ngati mwayesa, mwadula, koma mukuonabe kuti munthu sangayambe popanda masamba asanu ndi limodzi, musawonjezere masamba. Bwererani ku apu yeniyeniyo. Kawirikawiri kufotokoza kwambiri kumasonyeza kuti batani lina lili ndi dzina losamveka, kapena tsamba lalikulu lasenza ntchito zambiri. Kusintha dzina la batani kuti likhale mawu amene alembi amanena okha kumachotsa tsamba lathunthu la malangizo.

Mukabwerera ku ntchito mawa, tengani apu imene muli nayo, mulembe chiganizo chimodzi chija cha chinthu chimene mlendo wanu wadzera. Kenako fufutani zonse za apuyo m'foni, mutsegule apu ngati koyamba, muwerenge kuti chala chadina kangati musanafike pa chinthucho. Pa kudina kulikonse mudzifunse ngati kukuthandiza mlendoyo kapena inu. Kumene kukuthandiza inu nokha, kusunthireni kutsogolo, kukadikire tsiku limene mlembi uja, atakhala pamphasa mamembala atamuzungulira, adzakhale ndi chifukwa chake choyankhira.